Mmene mungatetezere tchanelo cha mpingo ku ndale za zipani pa nyengo ya chisankho

Mawu akanenedwa m'tchalitchi kapena mumzikiti, anthu amene alipo amawamva pamodzi ndi zonse zowazungulira. Amamudziwa wolankhulayo, anamva zimene ananena poyamba, ndipo aona nkhope yake ngati akuseka kapena ayi. Mawu omwewo akalowa mu vidiyo, zonsezi zimatsala. Munthu akhoza kudula masekondi 30 pa ulaliki wa ola lathunthu, n'kulembapo dzina la chipani, n'kumwaza m'magulu a pa foni, chizindikiro cha mpingo wanu chikuoneka pakona. Pa nyengo ya kampeni anthu ofuna tizidutswa totere amachuluka, ndipo safunika luso lililonse kuti atipeze.

Malangizowa ndi a inu amene mumagwira kamera, kuulutsa mapemphero ndi kuika mavidiyo pa tchanelo. Ndikamba kwambiri za vidiyo ya mwambo wa mapemphero, chifukwa ndi imene imavuta. Vidiyo yojambulira m'chipinda mumaikonza mmene mukufunira, koma mapemphero amayenda okha, ndipo mayikolofoni imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Zitsanzo za mabatani ndatenga za YouTube ndi za pulogalamu youlutsira ya OBS Studio.

Yambani ndi lamulo lolembedwa, kampeni isanayambe

Chinthu choyamba si cha pa kompyuta ayi. Khalani pansi ndi atsogoleri a mpingo, mulembe tsamba limodzi lonena zimene sizidzatuluka pa tchanelo kuyambira tsiku lakuti kufikira tsiku lakuti. Tsiku loyambira likhale lomwe bungwe loyendetsa chisankho latsegulira kampeni, kapena msanga kuposa apo ngati zipani zayamba kale kusankha oziimirira. Tsiku lothera lisakhale tsiku loponya voti. Likhale pamene zotsatira zalengezedwa ndipo madandaulo a kukhoti atha, chifukwa mitima imatentha kwambiri m'masiku amenewo.

Chifukwa cholembera n'chakuti wogwira kamera nthawi zambiri ndi wachinyamata, pomwe amene mawu ake akufunika kudulidwa ndi mkulu wampingo, mlendo wolemekezeka, kapena abusa amene. Wachinyamatayo sangakanize wamkulu ndi nzeru zake zokha. Koma akhoza kunena kuti, "Pepani bambo, lamulo lomwe munasaina lija likuti gawo ili lisatuluke." Tsambalo litchulenso munthu mmodzi amene ali ndi mawu omaliza pa vidiyo iliyonse, ndi wachiwiri wake. Asakhale mlaliki wa tsikulo, popeza palibe amene amamva kukondera m'mawu ake omwe. Ndipo ngati wina wa gulu lojambula ali pa udindo m'chipani kapena akuthandiza kampeni ya wina, apume kaye pa ntchito yosankha zotuluka. Akhoza kupitiriza kukoka mawaya ndi kuyang'anira zokuzira mawu. Muonenso amene ali ndi chilolezo cholowa mu tchanelo: pa YouTube Studio, pitani ku Settings kenako Permissions, muchotse anthu amene anasiya ntchitoyi kalekale.

Zoletsedwazo zikhale zochepa ndi zomveka: dzina la wopikisana kapena la chipani lonenedwa moyamikira kapena monyoza, makaka ndi zizindikiro za chipani, mawu okuwa pa misonkhano yawo, nyimbo za kampeni ngakhale zitasinthidwa mawu kukhala zauzimu, ulosi wonena amene adzapambane, ndi mphatso za wopikisana zoperekedwa pamaso pa kamera. Mufunsenso munthu wodziwa malamulo a dziko lanu, popeza maiko amasiyana pa zimene amalola mabungwe a chipembedzo kunena pa chisankho.

Kusiyanitsa nkhani ya dziko ndi nkhani ya chipani

Apa m'pamene pamakhala mkangano weniweni. Mlaliki adzakufunsani kuti, "Ndiye tisiye kudzudzula ziphuphu chifukwa kuli chisankho?" Yankho n'lakuti ayi. Chipembedzo chimene chimakhala chete pa katangale, chiwawa ndi kuponderezedwa kwa osauka chataya gawo la ntchito yake. Chimene mukupewa n'kuuza munthu bokosi loti achonge. Pali mayeso awiri amene amathandiza, ndipo onse mukhoza kuwachita ndi khutu lokha.

Oyamba ndi osinthanitsa. Mverani chiganizocho, kenako muyerekeze kuti zipani zasinthana malo, olamula ndiwo akutsutsa, otsutsa ndiwo akulamula. Kodi mlalikiyo akananenabe mawu omwewo? "Wakuba chuma cha boma ayenera kulapa ndi kubweza" ndi mawu amene amaima chilili zipani zikasinthana. "Amene mwawayesa zaka zonsezi mwawaona nokha" sangaime, chifukwa akuloza mbali imodzi ngakhale sanatchule dzina. Chimodzimodzi "musagwetse nyumba ili pakati pomangidwa", amene aliyense amamva kuti akunena zopatsanso mwayi olamula.

Achiwiri ndi a kachidutswa. Tengani masekondi 30 amene mukuwakayikira, muwaonetse munthu amene sanali pa mapempherowo, popanda kumufotokozera chilichonse. Mufunseni funso limodzi: kodi wolankhulayu akufuna kuti ndani apambane? Akayankha mosazengereza, gawolo lisatuluke. Akati sakudziwa, lili bwino. Ngati n'kotheka funsani anthu awiri amene mukudziwa kuti amakonda zipani zosiyana, chifukwa munthu samva kukondera kumene kukukomera mbali yake. Kwa iye zimangomveka ngati choonadi.

Malemba nawonso amasanduka kampeni malinga ndi nyengo. Nkhani ya pa 1 Samueli 16, pamene Sauli wakanidwa ndipo Davide akudzozedwa, ikalalikidwa sabata ziwiri voti isanachitike, imamveka ngati ikunena kuti wolamula achoke. Aroma 13, yonena za kumvera maulamuliro, imamveka ngati ikunena kuti akhalebe. Sindikunena kuti ndime zimenezi zitsekeredwe m'kabati. Koma mlaliki adziwe mmene zimvekere, ndipo ngati mpingo wanu umasankha wokha mitu ya maulaliki, n'kwanzeru kukonzeratu mitu ya nyengo yonse ya kampeni n'kuilengeza isanayambe. Pamenepo palibe anganene kuti ndime yakutiyakuti inasankhidwa chifukwa cha zomwe zinachitika pa msonkhano wa chipani dzulo lake.

Pemphero ndi malo amene ndale zimalowera kawirikawiri kuposa ulaliki, chifukwa wopemphera sakonzekera ndipo palibe amene amayembekezera kumudula. Auzeni otsogolera mapemphero kuti apempherere maudindo osati maina: atsogoleri a dziko, onse opikisana, oyendetsa chisankho, achitetezo, ovota. Pa 1 Timoteo 2:1-2 pali chilolezo chokwanira cha pemphero lotere. Pemphero lakuti "Ambuye tipatseni atsogoleri oopa Inu" lilibe vuto. Lakuti "Ambuye mum'patsenso mtumiki wanu zaka zina" ndi kampeni yotsinzina.

Kumene kamera ikuloza

Pa nyengo imeneyi chepetsani kujambula anthu okhala m'mipando. Kamera yaikulu iloze ku guwa ndi kwa oyimba, ndipo mukafuna kuonetsa kuti anthu adzaza, jambulani chakumbuyo patali, pooneka mitu osati zolembedwa pa malaya. Munthu wobwera kudzapemphera atavala malaya a chipani musamubweze pakhomo, wabwera kwa Mulungu wake. Koma palibe chokukakamizani kumuika pa vidiyo. Othandiza kukhazika anthu akhoza kumulozera mwaulemu mpando umene kamera siufika, ndipo achite chimodzimodzi kwa wa chipani chilichonse.

Mapemphero asanayambe, yang'anani chithunzi cha kamera iliyonse pa sikirini yaikulu, osati pa kagalasi ka kamera. Zinthu zazing'ono zimabisala pa kagalasi: kalendala ya wopikisana pakhoma, botolo la madzi lokhala ndi nkhope yake pa gome, chikwangwani cha kampeni chooneka pa zenera, galimoto yomatidwa zithunzi pamene mukujambula anthu akutuluka. Mitundu ya nsalu zokongoletsera kutsogolo ndi yunifolomu ya kwaya ndi nkhani yovutirapo. Ngati mtunduwo ndi wa mpingo kuyambira kale, kapena ndi wa nyengo ya pa kalendala ya chipembedzo, usiyeni, anthu amaudziwa. Chokayikitsa ndi mtundu watsopano umene wangotulukira mwezi wa kampeni.

Wopikisana akabwera kudzapemphera nanu

Adzabwera ndithu, chifukwa palibe malo ena kumene angapeze anthu ochuluka atakhala chete. Pali njira ziwiri zokha zosakondera: onse alankhule mofanana, kapena pasapezeke wolankhula pa vidiyo. Yoyamba imamveka yabwino koma ndi yovuta kuisunga. Opikisana pa mpando umodzi akhoza kukhala khumi, ena sadzabwera, wina adzabwera tsiku lodzaza anthu, wina tsiku la mvula, ndipo amene mwamupatsa mphindi zitatu adzatenga khumi. Ine ndimalimbikitsa yachiwiri. Mlendo alandiridwe ngati wopemphera wina aliyense, ndipo ngati atsogoleri aona kuti n'koyenera kuti apereke moni, moniwo ukhale wa anthu a m'nyumbamo basi, usapite pa intaneti. Muuzeni zimenezi asanakhale pansi, kuti asadzadabwe pambuyo pake. Anthu ake akabwera ndi makamera awoawo, auzeni kuti nthawi ya mapemphero amajambula ndi a mpingo okha. Mafoni a m'matumba simungawaletse onse, koma vidiyo ya pa foni ya munthu si yofanana ndi yotuluka pa tchanelo chanu.

Njira yotetezeka koposa n'kusiya kuulutsa pompopompo kwa sabata zimenezi. Jambulani, onerani, kenako ikani madzulo a tsiku lomwelo. Pa YouTube mukhoza kuiika ngati Premiere, kuti anthu aionere limodzi pa nthawi imene mwaika. Odwala ndi okhala kutali adzachedwa ndi maola ochepa okha.

Ngati mpingo sukufuna kusiya kuulutsa pompopompo, konzekerani mu OBS Studio. Pangani chithunzi chapadera pa Scenes, chokhala ndi dzina la mpingo ndi mawu akuti "Tibweranso posachedwa", ndi nyimbo yapansipansi imene muli ndi ufulu woigwiritsa ntchito. Kenako pitani ku Settings, Hotkeys, muike batani limodzi loti lisinthire ku chithunzicho, ndipo batani lomwelo mulipatsenso ntchito ya Mute pa mawu ochokera ku mikisa. Apa ambiri amapunthwa. Mawu amene anaikidwa pa Settings, Audio amamveka pa zithunzi zonse, choncho mukangosintha chithunzi osatseka mawu, oonera adzaona chikwangwani chanu chokongola uku akumva zonse zimene mlendo akulankhula. Yesani batanilo tsiku lisanafike, wina akulankhula pa mayikolofoni, inu mukumvera pa foni.

Palinso Stream Delay, imene ili pa Settings, Advanced. Imachedwetsa zimene mukuulutsa ndi masekondi amene mwasankha, tinene 30. Koma mvetsetsani malire ake. Siyikupatsani mwayi wochotsa chiganizo chimodzi n'kupitiriza. Mukasintha chithunzi mawu oipawo atanenedwa kale, mawuwo adzatulukabe, ndipo kusintha kwanuko kudzawatsatira pambuyo. Chimene imakupatsani ndi mwayi woimitsa kuulutsa konse posankha Stop Streaming (discard delay), ndipo masekondi amene anali asanatulukewo amatayika. Ndi chida cha pangozi, monga pamene wina walanda mayikolofoni n'kuyamba kutukwana wopikisana. Pa zinthu zodziwikiratu, batani la chikwangwani lija lidinidwe munthuyo asanatsegule pakamwa. N'chifukwa chake woulutsa ayenera kukhala ndi ndondomeko ya mwambo wonse papepala, ndipo wotsogolera mwambo asaitane munthu amene sali pa pepalalo popanda kukodola woulutsa.

Chitsanzo: vidiyo imene yatuluka kale

Tiyerekeze kuti mapemphero a maola awiri ndi mphindi 10 aulutsidwa, ndipo batani silinadinidwe. Pa 47:10 wotsogolera mwambo akuitana mlendo amene akupikisana pa mpando wa phungu. Mlendoyo akuyamba bwino, akuthokoza, akuwerenga vesi. Pa 49:30 akulonjeza kumaliza denga la tchalitchi "zinthu zikayenda bwino mwezi wamawa". Pa 52:00 akukweza dzanja mwa chizindikiro cha chipani chake, anthu ena akuimba m'manja. Akukhala pansi pa 53:40. Kenako pa 1:32:15 mayi wotsogolera pemphero akumutchula dzina, kupempha kuti Mulungu amutsegulire khomo. Ndipo nthawi ya chopereka, kuyambira 1:48:00, kamera ikuonetsa anyamata atatu a m'gulu lake atavala malaya a chipani akudutsa kutsogolo.

Choyamba, bisani vidiyoyo msanga. Mu YouTube Studio, pa Visibility, sankhani Private. Musasankhe Unlisted, chifukwa aliyense amene ali ndi linki amaionerabe, ndipo linkiyo ili kale m'mafoni a anthu. Musaifufutenso. Mukufunika kukhala ndi vidiyo yathunthu yosadulidwa, pa kompyuta kapena posungira pena, kuti wina akadzafalitsa kachidutswa kopotozedwa mudzathe kuonetsa atsogoleri zimene zinanenedwadi.

Chachiwiri, onerani yonse ndi munthu wa mawu omaliza uja, mukulemba nthawi ya malo alionse okayikitsa. Musadumphe nyimbo ndi zolengeza. Ndale zimakonda kubisala m'zolengeza, monga "pali msonkhano pabwalo Lachitatu, tonse tikapezekeko".

Chachitatu, dulani. Tsegulani Editor, musankhe Trim & cut, kenako New Cut. Funso ndi lakuti mudule kuyambira pati. Mtima umafuna kusunga chiyambi chabwino chija, kuthokoza ndi vesi, n'kuchotsa lonjezo ndi chizindikiro zokha. Musatero. Mukatero mwamukonzera mlendoyo vidiyo yabwino kuposa imene akanajambula yekha: wopikisana wodzichepetsa, ataima pa guwa lanu, akuwerenga Malemba. Dulani kuyambira 47:05, wotsogolera mwambo asanamutchule, kufikira 53:50, kuomba m'manja kutatha. Kuomba m'manjako nkofunika kuchotsa, chifukwa kukatsala oonera amadziwa kuti pachitika zina, ndipo kumamveka ngati mpingo ukuvomereza.

Pemphero la pa 1:32:15 ndi lopweteka kulidula, ndipo mayiyo ayenera kumva kwa inu kapena kwa abusa asanazione yekha. Ngati dzinalo lili m'chiganizo chimodzi chokha, chotsani chiganizocho kuyambira popumira mpaka popumira pena. Ngati pemphero lonse lazungulira pa munthuyo, lichotseni lonse. Kudula pakati pa mawu kumamveka, ndipo kumaitana mafunso ambiri kuposa kuchotsa gawo lathunthu.

Anyamata a malaya aja safunika kudulidwa, chifukwa nyimbo ya chopereka ikuyenda. Gwiritsani ntchito Blur, musankhe Custom blur, mujambule kabokosi pa malayawo, muike nthawi yoyambira ndi yothera. Kabokosiko kakhoza kutsatira chinthu choyenda, koma kamasochera munthu wina akadutsa kutsogolo, choncho onerani gawolo pang'onopang'ono musanasunge. Ngati mtundu wa malayawo ukuonekabe ndipo aliyense akhoza kuuzindikira, ndi bwino kungodula masekondi amenewo.

Dziwani zinthu zingapo za Editor musanadine Save. Linki, chiwerengero cha oonera ndi ndemanga zimakhala momwemo. Kusinthako kumatenga nthawi, mwina maola, ndiye vidiyoyo ikhalebe pa Private mpaka mutaionera n'kutsimikiza kuti zatheka. Vidiyo yopitirira maola 6 siitheka kukonzedwa mmenemo, zomwe zimakhudza mapemphero a usiku wonse. Zikatero dulani pa kompyuta n'kuika yatsopano. Komanso mukadula vidiyo imene inaulutsidwa pompopompo, macheza amene anthu ankalemba pambali saonekanso, ndipo pa nkhani ngati iyi kutayika kwawo n'kothandiza.

Chomaliza, nenani zoona pansi pa vidiyoyo. Chiganizo chimodzi chikukwana: "Mbali zina za mwambowu zachotsedwa potsatira lamulo la mpingo losaulutsa opikisana pa chisankho, a chipani chilichonse." Anthu amene analipo akudziwa kuti mlendo analankhula, ndipo mukangokhala chete adzaganiza kuti mwamuchotsa chifukwa chodana ndi chipani chake. Lembaninso m'kabuku tsiku, zimene mwadula ndi chifukwa chake. Sabata yotsatira kukabwera wa chipani china, kabukuko kadzakukumbutsani kuti mumuchitire zofanana ndendende. Kudula mmodzi n'kusiya mnzake ndi kukondera koonekeratu kuposa kusiya onse awiri.

Ngati kachidutswa kafalikira kale musanabise, musayambe kulimbana ndi aliyense amene wakatumiza. Atsogoleri atulutse mawu afupi olembedwa, onena kuti mpingo suuza anthu ake woti amuvotere. Asamutchule mlendoyo kapena kumudzudzula, chifukwa chidzudzulocho chipani china chidzachitola ngati mphatso.

Mutu, chithunzi chapamwamba ndi mavidiyo akale

Anthu ambiri saonera vidiyo, amangoona mutu ndi chithunzi chake akudutsa. Ulaliki wabwinobwino wa pa 1 Samueli 16 ukapatsidwa mutu wakuti "Nthawi ya Sauli yatha!" wasanduka kampeni ngakhale mlaliki sananene kanthu kolakwika. Pa nyengo imeneyi mitu ikhale yosalala: tsiku, ndime, dzina la mlaliki. Chithunzi chapamwamba sankhani nokha, musasiyire makina, chifukwa akhoza kutola pomwe pali mlendo uja. Mawu okhala ndi chizindikiro cha # okhudza chisankho asiyeni, ngakhale amakopa oonera.

Tizidutswa tafupi timene mumadula tokha kuti tikope anthu tiyesedwe kawiri, popeza ndi timene timayenda popanda chiyambi ndi mathero. Onaninso mavidiyo amene munawaika kale pa Schedule miyezi yapitayo, ndi akale amene ali ndi munthu yemwe panthawiyo anali mkulu wampingo chabe koma lero akupikisana. Akalewo simukuyenera kuwafufuta, ndi mbiri ya mpingo. Ingowachotsani patsamba loyamba la tchanelo ndipo musawatumizenso mpaka chisankho chitadutsa. Ngati wopikisanayo ndi mlaliki wa mpingo wanu, apume kuonekera pa tchanelo nyengo yonseyi, ngakhale atalonjeza kuti sadzatchula ndale. Nkhope yake pa guwa ndi uthenga kale.

Zolemba oonera pansi pa vidiyo

Vidiyo ikhoza kukhala yoyera koma pansi pake pali nkhondo. Mu Settings ya YouTube Studio, pa gawo loyang'anira ndemanga, pali bokosi la Blocked words. Lembanimo maina a zipani zonse ndi zidule zake, maina a opikisana, maina awo owatchulira mwachipongwe kapena mowatamanda, ndi mawu okuwa pa misonkhano. Ndemanga yokhala ndi mawu amenewa imasungidwa kuti muione kaye, ndipo pa macheza a pompopompo imatsekedwa. Mndandandawo ukhale ndi zipani zonse, kuphatikizapo chimene inuyo mumachikonda. Samalani ndi opikisana amene maina awo ndi a m'Malemba, monga Yosefe kapena Davide, chifukwa mukatseka dzina lokhalo mudzatsekanso ndemanga zabwino za ulaliki. Lembani dzina ndi la bambo pamodzi.

Anthu amazemba mndandanda posintha kalembedwe kapena poika tizithunzi ta mtundu wa chipani, ndiye makina okha sakwanira. Pa sabata yomaliza sankhani Hold all, kuti ndemanga iliyonse idikire chilolezo, ndipo pa macheza a pompopompo yatsani Slow mode ndi kuika munthu mmodzi woyang'anira amene sakugwira kamera. Woyang'anirayo achotse ndemanga zotamanda mofanana ndi zonyoza. Asayankhe mtsutso m'dzina la tchanelo, ndipo asaike kamtima pa ndemanga ya ndale. Kamtimako kamaoneka ndi chithunzi cha mpingo, ndipo wina adzakajambula. Amene amayendetsa tchanelo pa foni yake aziyang'ana kawiri kuti walowa ndi dzina liti asanalembe maganizo ake pa vidiyo ya chipani.

Za otsatsa malonda ndinene mwachidule. YouTube ikhoza kuika malonda pa vidiyo ngakhale tchanelo chanu sichilandira ndalama, ndipo ena mwa malondawo akhoza kukhala a kampeni. Woonera akadandaula, mufotokozereni kuti mpingo sunawasankhe. Chimene chili m'manja mwanu n'kukana ndalama kapena zipangizo zochokera kwa wopikisana, ngakhale kamera yatsopano imene mwakhala mukuilakalaka, chifukwa adzayembekezera kuti kamerayo imuone.

Masiku otseka kampeni, tsiku la voti ndi zotsatira

M'maiko ambiri kampeni imatsekedwa maola 24 kapena 48 voti isanayambe, ndipo kukopa anthu m'maola amenewo ndi mlandu. Funsani bungwe loyendetsa chisankho za nthawi yake yeniyeni. Ngati tsiku lopembedza lagwera mmenemo, musaulutse pompopompo, jambulani n'kuonera kaye. Mukhoza kukumbutsa anthu kuti akavote mwamtendere, ndipo tsiku, nthawi ndi zofunika kutenga muzikopere ndendende kuchokera ku chilengezo cha bungwelo. Kulakwitsa tsiku kapena malo ovotera n'koopsa, ndipo YouTube imachotsa mavidiyo osocheretsa anthu pa za nthawi, malo kapena njira yovotera.

Mavoti akamawerengedwa, manambala amayenda m'mafoni ndipo wina adzafuna kuchitira umboni kuti Mulungu wayankha. Tchanelo chisatchule wopambana bungwe lisanalengeze, ndipo nthawi ya maumboni isaulutsidwe pompopompo sabata imeneyo. Zotsatira zikatuluka, pemphero la pa vidiyo likhale la opambana, ogonja ndi dziko lonse, m'mawu amene munawalemba voti isanachitike, musanadziwe wopambana. Nyimbo zachikondwerero ndi mutu wonga "Mulungu wachita" zidikire, chifukwa ena mwa oonera anu sabata imeneyo ali ndi chisoni. Wopambana akapempha mwambo wothokoza m'nyumba yanu yopemphereramo, atsogoleri ndiwo aganize zoulola kapena ayi, koma lamulo la tchanelo likadagwirabe ntchito mpaka tsiku lothera lomwe munalemba pa tsamba lija, ndipo ngati nkhani ili kukhoti, tsikulo lisunthidwe kufikira chigamulo chitaperekedwa.